Tigule apu yokumbutsa amayi ophika phala kapena ndi kutaya ndalama?

Mlembi wa Komiti: Akuluakulu ndithandizeni maganizo. Ndine mlembi wa komiti ya phala pasukulu ya pulayimale kwathu kuno. Tili ndi amayi 20 ophika mongodzipereka, anayi tsiku lililonse, Lolemba mpaka Lachisanu. Ndandanda tinamata pakhoma la khitchini koma teremu ino kawiri konse pafika mayi mmodzi yekha, phala n'kupsa ana atalowa kale m'kalasi. Ukawafunsa amati anaiwala kuti ndi tsiku lawo. Ine ndimawaimbira madzulo, koma tsiku lina ndimakhala kumaliro kapena kumunda, ndiye zimandidutsa. Mnyamata wina wandionetsa apu yoti umalemberatu uthenga n'kuikira nthawi, iyo n'kumatumiza yokha pa WhatsApp. Akuti yolipira yake ndi K9,000 pamwezi. M'thumba la komiti muli ndalama yogulira sopo ndi machesi basi. Ndikauze anzanga kuti tigule?

Nachisale: Musayerekeze! Ine ndinagula yamtundu womwewo chaka chatha yokumbutsira osesa m'tchalitchi. Sabata yoyamba bwinobwino. Yachiwiri zii. Ndikudzuka m'mawa ndikupeza mauthenga asanu ali phee, sanapite. Ndinalemba kalata yodandaula mpaka lero sanandiyankhe, ndipo ndalama anapitiriza kudula pa khadi la mlamu wanga miyezi itatu chifukwa sitinadziwe poletsera. Mpaka pano mlamu amandiyang'ana ndi diso lofiira. Ndipo si K9,000, ife inkatidya K14,000.

Wa ku Jubeki: Mavuto a zinthu zotchipa amenewo asisi. Ine kuno ndimayendetsa gulu la maliro la a Malawi, anthu oposa 100, ndimalipira yapamwamba m'marandi ndipo sinaphonyepo n'kamodzi komwe. Ndalama yake ndi ya nkhuku imodzi. Gulani basi bambo mlembi.

Nachisale: Nkhuku ya ku Jubeki imeneyo achimwene, kuno ndi mbuzi.

Mphunzitsi Wakale: Bambo mlembi, tisanafike pa mtengo, mwa amayi 20 amenewo ndi angati ali ndi WhatsApp?

Mlembi wa Komiti: Ndawerenga, ndi 6. Ena 11 ali ndi foni za mabatani. Atatu alibiretu, timadutsira pa foni ya amuna awo kapena ya mwana.

Mphunzitsi Wakale: Ndiye apu imeneyo ikumbutsa anthu 6, mwinanso 4 chifukwa ena bando imakhala itawathera. Amene akukusowetsani mtendere ali pa 14 otsalawo. Inu chimene mukufuna ndi SMS wamba, ndipo choikira nthawi chili kale m'foni mwanu, chaulere.

Ngati foni yanu ili ndi Google Messages, lembani uthenga, kenako m'malo mongogunda kabatani kotumizira, kasindikizeni osachotsa chala. Patuluka Schedule send, musankhe tsiku ndi ola. Uthengawo ukhala pamenepo mpaka nthawi yake. Chimene ilibe ndi kubwereza yokha sabata ndi sabata, ndiye Lamulungu masana mumakhala pansi ndi ndandanda n'kuika onse 20: anayi a Lolemba apite Lamulungu 6 koloko madzulo, anayi a Lachiwiri apite Lolemba 6 koloko madzulo, choncho mpaka Lachinayi madzulo. Mawu mumangokopera n'kusintha tsiku. Ine ndinkachita zimenezi pa gulu la olondera m'dera mwathu, zinkanditengera theka la ola.

Ndati madzulo dala. Mayi wophika phala amadzuka kusanache, ndipo ngati ayenera kubwera ndi nkhuni afunika adziwe dzuwa lisanalowe kwenikweni. Uthenga wa m'mawa womwewo ndi wongomudziwitsa kuti wachedwa kale.

Muziika wa munthu aliyense payekha. Mukasankha manambala anayi pamodzi, foni zina zimausandutsa MMS, uthenga wa mtundu wotumizira zithunzi uja, ndipo pa foni za mabatani kawirikawiri sufika.

Chimwemwe wa Maunitsi: Zonsezi n'zautali. WhatsApp Business imachita zimenezi ulele, ine ndimaigwiritsa ntchito pa shopu.

Mphunzitsi Wakale: Mwana wanga, chimene uli nacho pa shopu ndi Away message ndi Greeting message. Zimenezo zimayankha munthu amene wayamba kukulembera iweyo. Sizidzuka zokha kukauza Nabanda kuti mawa aphike.

Chimwemwe wa Maunitsi: Koma pali poika nthawi, ndinaikapo ine.

Mphunzitsi Wakale: Alipo, koma ndi nthawi yoti yankho lija lizigwira ntchito, monga usiku shopu ukatseka. Yesa kuikira ine uthenga wa mawa 6 koloko uone ngati ufike.

Nachisale: Aphunzitsi ndiuzeniko, nanga yanga ija inkalekeranji kutumiza? Chifukwa mpaka lero zimandiwawa.

Mphunzitsi Wakale: Foni yanu inali ndi loko?

Nachisale: Eya, ya chala. Sabata yoyamba ndinachotsa chifukwa apuyo inandiuza, kenako ndinabwezera poti ana amasewera nayo.

Mphunzitsi Wakale: Mwadziyankha nokha mayi. Ma apu amenewa sali mkati mwa WhatsApp. Amapempha chilolezo cha Accessibility, ndiye nthawi ikakwana amayatsa sikirini, kutsegula WhatsApp, kulemba mawu n'kugunda kabatani ngati chala cha munthu. Foni ikakhala yokiya, chala chimenecho chimagunda pakhomo potseka. Chinanso, foni zambiri zimapha ma apu ogwira ntchito kuseri pofuna kusunga batire, ndiye ukapanda kuichotsa pa Battery optimization apuyo imagona osadzukanso. Ndipo ganizirani bwino, bambo mlembi: kuti igwire ntchito muyenera kuyenda ndi foni yosakiya, yomwenso muli Airtel Money kapena Mpamba, n'kupatsa apu ya anthu osawadziwa chilolezo choona zonse za pa sikirini. Ine pamenepo ndi pamene ndimakanira, ngakhale atati ndi yaulere.

Nachisale: Komabe ndalama anandibera. Akanalemba poyera ndisanalipire.

Bambo a Tadala: Pepani ndalowerera. Amene akudziwa kokonzetsa mbaula za phala zija, yathu yang'ambika m'mbali ndipo ikudya nkhuni koopsa.

Wa ku Jubeki: Achimwene nkhani ndi ya mauthenga.

Bambo a Tadala: Ndi nkhani yomweyo. Kwathu amayi sabwera chifukwa tsiku lako umayenera kubwera ndi mtolo wa nkhuni, ndipo nkhuni zavuta. Amati ndinaiwala chifukwa cha manyazi. Mutumize mauthenga 10, alibe nkhuni sabwera.

Mlembi wa Komiti: Bambo a Tadala mwandilasa pamtima. Mmodzi mwa amene anajomba ndikudziwa kuti n'zimenezo. Koma ena awiri anasinthana masiku osandiuza, kenako aliyense ankaganiza kuti mnzake ndiye apita. Aphunzitsi, nanga ma SMS 20 pasabata si ndalama nawonso?

Mphunzitsi Wakale: Tiwerenge. 20 pasabata, teremu ya masabata 13, ndi ma SMS 260. Mtengo wake onani bando ya SMS ya netiweki yanu lero, chifukwa mitengo ikusinthasintha, koma mupeza kuti sikufika kumene akukutchulirani pamwezi umodzi kuja. Msampha uli pa kutalika kwa uthenga. SMS imodzi imanyamula zilembo 160, kuwerengera ndi mipata yomwe. Taonani uwu:

Mai, mawa Lachiwiri ndi tsiku lanu lophika phala kusukulu, 5 koloko m'mawa. Mubwere ndi nkhuni. Mukalephera imbani kwa mlembi lero lomwe.

Umenewu uli ndi zilembo 137, ndi SMS imodzi. Tsopano mukalemba Lachiŵiri ndi w wa kachipewa, kapena mukaikapo kachithunzi ka manja opemphera kumapeto, foni imasintha kalembedwe konse ndipo malire amatsika kufika pa 70. Uthenga wautali ukamadulidwa, chidutswa chilichonse chimanyamula 67 zokha, ndiye 137 zija zikhala zidutswa zitatu. Ma SMS anu 260 asanduka 780 chifukwa cha chilembo chimodzi. Ngakhale kachizindikiro ka mu m'mawa, mukakopera mawu kuchokera pa kompyuta nthawi zina kamabwera kopindika, nako kamachita chimodzimodzi. Mukamalemba muziyang'ana kanambala kamene kamaoneka pafupi ndi potumizira, kakalumpha msanga dziwani kuti mwaloŵa chilembo chachilendo.

Chimwemwe wa Maunitsi: Aphunzitsi nanunso mwaikamo kachipewa pa mwaloŵa, mwawononga ma SMS atatu.

Mphunzitsi Wakale: Dzanja la mphunzitsi wa Chichewa limenelo, silimva.

Mtsikana wa Kompyuta: Njira ya aphunzitsi ndi yabwino koma ili ndi bowo. Uthenga woikiratu umachoka m'foni ya bambo mlembi. Magetsi akazima tsiku lonse foni n'kuthima, kapena ali kudimba kopanda netiweki, 6 koloko idutsa. Ukhoza kupita foni ikayaka, mwina pakati pa usiku amayi atagona. Komanso foni ya ma SIM awiri ikhoza kutumizira pa SIM yopanda bando n'kudya mayunitsi. Ngati pali chogula, ine ndingagule ma SMS ambiri kwa makampani otumiza kudzera pa intaneti. Mumakweza manambala kamodzi, kuika teremu yonse, ndipo amachoka pa makina awo ngakhale foni yanu ili m'madzi. Kuntchito kwathu timatero. Chongosamala, manambala alembedwe kuyamba ndi 265 opanda 0 woyamba uja, chifukwa Excel imameza 0 ndipo theka la mauthenga limabwerera.

Mphunzitsi Wakale: Zoona, bowolo lilipo. Koma ako aja amafika ndi dzina m'malo mwa nambala, mayi sangayankhe kapena kuflasha. Wanga ukafika, Nabanda amaona nambala ya mlembi, amaflasha, mlembi n'kuimba n'kumva kuti mwana wadwala, apeze wina usiku womwewo. Ndipo kuika teremu yonse n'kumene kungapweteke pano. Wamva kuti amayi amasinthana masiku. Ndandanda ya sabata yachisanu ndi chiwiri sidzafanana ndi ya lero.

Mtsikana wa Kompyuta: Nambala mumailemba mkati mwa uthenga, yatha. Zilembo 10 zokha, pa 137 zikwana.

Wa ku Jubeki: Kapena onse alowe Telegram, kumeneko kuikira nthawi ndi kwaulere ndipo foni ikhoza kuthima uthenga n'kupitabe.

Nachisale: Pa foni ya mabatani achimwene?

Gogo Nasibeko: Ife kumvano timasankha mayi mmodzi pa tsiku lililonse kukhala kapitawo, iye amadzera anzake popita. Foni ayi.

Mphunzitsi Wakale: Agogo anena zenizeni. Mukhoza kuphatikiza: uthenga kwa onse anayi, koma kapitawo wa tsikulo aflashe kusonyeza kuti waona. Ikakwana 7 koloko kopanda flashi, ndiye muimbe. Atatu opanda foni aja muwaike tsiku limodzi ndi anansi awo.

Mlembi wa Komiti: Ndafufuza, foni yanga ilibe Google Messages, ili ndi ya mauthenga ina imene inabwera nayo. Ndasindikiza kabatani sipakutuluka kanthu.

Mtsikana wa Kompyuta: Itsitseni pa Play Store, kenako muivomere ikhale yotumizira mauthenga. Muyambe mwadziikira nokha uthenga wa pakatha mphindi 10, foni muikiye, muone ngati ufike.

Wa ku Jubeki: Ine ndikanangogula. Bambo mlembi nditumizireni nambala, mwezi woyamba ndilipira ine.

Nachisale: Wachiwiri alipira ndani?

Bambo a Tadala: Za mbaula zija palibe akudziwa?