Kuwerengera matailosi a chipinda pa chithunzi, khomo likukwanira ngati muyezo?

Wamatailosi wa ku Kawale: Akuluakulu, ndithandizeni. Kasitomala ali ku Joni, nyumba yake ili ku Mangochi, ndipo akufuna mtengo ndisanakwere minibasi. Wanditumizira chithunzi chimodzi cha chipinda chogona. Kutsogolo kukuoneka khoma lonse lokhala ndi chitseko cha ku bafa, chotseka. Ndayeza ndi rula pa sikirini ya laputopu: chitseko chatalika mamilimita 58, khomalo m'lifupi 103, khoma la kumanzere 70. Chitseko ndatenga ngati chija chotalika mamilimita 2032, ndiye milimita iliyonse pa chithunzi ikuimira mamilimita 35. Ndapeza mamita 3.6 ndi 2.45, kutanthauza masikweya mita 8.8. Matailosi ndi a 60 kwa 60, anayi m'katoni. Ndimuuze makatoni 7?

Fomani wa ku Ndirande: Osatumiza kaye, achimwene. 3.6 uja ndikhoza kumuvomera, koma 2.45 mumutaye. Chitseko chimakuyezerani zinthu zokhazo zimene zili pa khoma limodzi ndi icho, chifukwa zatalikirana ndi kamera mofanana. Khoma la kumanzere likuchoka pa inu kupita kutsogolo, choncho mita yomwe ili pafupi ndi wojambula ikuoneka yaitali, ya kumapeto ikuoneka yaifupi. Palibe nambala imodzi yomwe mungachulukitse nayo khoma limenelo. Komanso ganizirani pomwe anaima wojambulayo. Pansi pomwe panali mapazi ake sipanalowe m'chithunzi, ndiye ngodya ya chipinda ya mbali yakunoyi simukuiona n'komwe. 70 wanuyo wayambira pomwe chithunzi chadukira, osati pomwe khoma layambira.

Mnyamata wa penti: Ine ndimangotenga chitseko n'kuchulukitsa, sindinaluzepo. Ndowa ya malita 20 imakwana chipinda chotero makoti awiri n'kutsalako.

Fomani wa ku Ndirande: Iwe umapenta makoma, mwana wanga, ndipo khoma lomwe layang'anizana ndi kamera limayezeka bwinobwino. Mnzathuyu akufuna pansi.

Kalipentala wa ku Mchesi: Ngakhale 3.6 yemweyo ndikumukayikira. Ndani wakuuzani kuti chitsekocho ndi 813 kwa 2032? Zimenezo ndi za m'sitolo. Ife tikamakhoma chitseko timatsata bowo lomwe womanga wasiya, ndipo kumudzi womanga amasiya bowo malinga ndi mizere ya njerwa zake. Ndakhomapo zambiri zosafika mamita awiri. Chikakhala cha 1950, khoma lanu latsika kufika 3.46. Onaninso ngati 58 wanuyo ndi wa chitseko chokha kapena mwaphatikiza felemu ya pamwamba.

Wamatailosi wa ku Kawale: Ndi chitseko chokha, madala, ndipo ndi chija chosalala cha m'sitolo pa felemu yachitsulo. M'lifupi chikundipatsa mamilimita 23 pa sikirini.

Fomani wa ku Ndirande: Ndiye mwapeza umboni. 813 kugawa ndi 23 ikubwera 35 ndi pang'ono, chimodzimodzi ndi ya m'litali ija. Nambala ziwirizo zikagwirizana, chitseko n'cha muyezo wodziwika ndipo wojambula sanapendeke kwambiri. Chitaninso ichi: yezani kutalika kwa khoma lakutsogololo pa ngodya ya kumanzere, kenako pa ya kumanja. Zikasiyana ndi mamilimita oposa awiri kapena atatu, munthuyo anajambula chammbali, ndipo mbali yomwe ili kutali yafinyika. Muonenso mzere womwe khoma lakumana ndi siling'i. Ngati wakhota ngati uta chakumapeto, anajambula ndi 0.5x kuti chipinda chioneke chachikulu, ndipo zakumphepete sindingazidalire.

Wamatailosi wa ku Kawale: Kumanzere 77, kumanja 78. Mizere ndi yowongoka. Nanga kutalika kwa chipinda ndikupeze bwanji?

Wamapulani: Njira ilipo pa chithunzi chomwecho. Kamera yaikulu ya mafoni ambiri imaona ngati lenzi ya mamilimita 26, ndiye mukadziwa kukula kwa chitseko pa chithunzi mukhoza kuwerengera mtunda kuchoka pa foni kufika pa khoma. Wojambula akaima pakhomo lolowera, mtundawo ndiwo kutalika kwa chipinda.

Fomani wa ku Ndirande: Masamuwo ndi oona, koma akufuna zinthu zitatu zomwe mnzathu alibe: foni yake ndi yanji, chithunzi anachidula kapena kuchikokera pafupi, ndipo anaima pati. Ambiri amalowa sitepe imodzi kapena kubwerera m'kolido. Sitepe imodzi pa chipinda cha mamita 3.6 m'lifupi ndi masikweya mita oposa awiri. Kuli bwino kupempha chithunzi chachiwiri. Wina atsamire khoma la kumanja, agoneke foni chopingasa pa msinkhu wa chifuwa, ayang'anitse pakati pa khoma la kumanzere, ngodya zonse ziwiri zioneke. Muyezo ugone m'tsinde mwa khoma lomwe likujambulidwalo, osati pakati pa chipinda. Ukakhala pafupi ndi kamera umaoneka waukulu, ndipo khoma limakutulukirani lalifupi.

Wamatailosi wa ku Kawale: Mphwake wa kasitomala wajambula. Tepi yomangira alibe, wabwereka ya telala ya masentimita 150, waitambasula m'tsinde mwa khoma n'kutsindira miyala. Pa sikirini tepi ndi mamilimita 35, khoma 100.

Wamapulani: 100 kugawa ndi 35, kuchulukitsa ndi 1.5, ikubwera 4.29. Tinene 4.3. Ndiye 3.6 kuchulukitsa ndi 4.3 ndi masikweya mita 15.5. Onjezerani 10 pa 100 ya zosweka ndi zodula, mufika 17. Katoni ndi 1.44, choncho makatoni 12. Pa 7 paja mukadayala theka la chipinda ndi pang'ono.

Mayi wa matailosi ku Zomba: 12 ndi wa pansi pokha, abambo. Ine sindikhulupirira masikweya mita ndisanawerenge mizere. M'lifupi 3.6 akulowa matailosi 6, m'litali 7 athunthu n'kutsala kampata ka masentimita pafupifupi 10. Athunthu ndi 42, tizidutswa ta kumapetoto tituluka m'matailosi awiri, onse 44. Pa 48 mwatsala ndi anayi. Nanga sikating'i? Kuzungulira chipinda ndi mamita 15.8, kuchotsa makomo awiri mutsala ndi 14 ndi pang'ono, timizere ta masentimita 10 tokwana 24. Tailosi imodzi imandipatsa 5 tabwino, ndiye matailosi 5. Mwaperewera kale, ndipo palibe yomwe yasweka pa msewu wa ku Mangochi. Choopsa china ndi 3.6 ameneyu. Wakhalira ndendende pa matailosi 6. Khoma likangokhala 3.68, mukufunika mzere wina wa tizidutswa m'litali monse. Ine ndingalembe 13, ndipo agule tsiku limodzi kuti mtundu usasiyane.

Fomani wa ku Ndirande: Mayi akunena zoona pa 3.6. Milimita imodzi yolakwika pa 58 ndi pafupifupi 2 pa 100, pa 35 wa tepi ndi pafupifupi 3 pa 100, ndipo mbali ziwirizo zikalakwira kumodzi zimaphatikizana. Chipindachi chikhoza kukhala chilichonse pakati pa 14.7 ndi 16.3. Pa kotesheni mulembe kuti nambala yachokera pa chithunzi, ndipo ya ntchito yanu muitchule pa sikweya mita, mudzayeza mukafika.

Kalipentala wa ku Mchesi: Koma anthu inu, mnyamatayo ali m'chipindamo ndi tepi m'manja. Bwanji osamuuza aigoneke katatu motsatira khoma, akulemba ndi khala pomwe yathera?

Wamapulani: Tepi ya telala yakale imatamuka, ndipo pa malo aliwonse olumikiza amataya sentimita kapena awiri.

Kalipentala wa ku Mchesi: Ngati yatamuka, ndiye yatamukanso pa chithunzi chanucho.

Wamatailosi wa ku Kawale: Ndamuuza ayeze makoma onse anayi, komanso chingwe kuchoka ngodya kufika ngodya mbali zonse ziwiri, ndione ngati chipinda chili pa sikweya. Akuti foni yatha moto, ayankha mawa. Kasitomala ndamuuza 13, iye akuti mnzake ku Joni wamuuza kuti 12 akwana.