Za tchati cha bwenzi la mnzanga: mmene zathera

Ndinafunsa kuti: "Mnzanga wa ku Chibavi akufuna ndimuwerengere tchati cha nyenyezi cha bwenzi lake, mwiniwake asakudziwa. Ndivomere?"

Zikomo nonse amene munayankha. Ndinatsatira amene munati ndiwerenge cha mnzangayo chokha, cha mwamunayo chidikire chilolezo chake.

Nditamuuza, mnzanga anakhumudwa. Kenako anaulula kuti tsiku lobadwa analiona pa chitupa cha mwamunayo mobisa, ndipo nthawi anangoyerekeza kuti ndi "m'mawa". Apa ndiye panandiopsa. Chizindikiro cha nyenyezi chotuluka mbali ya kum'mawa pa nthawi yobadwa munthu chimasintha pafupifupi maola awiri alionse, ndipo nyumba yachisanu ndi chiwiri mwa zigawo za tchati, imene okhulupirira amati ndi ya ukwati, imasuntha nacho. Ndikanamunenera munthu za kukhulupirika kwake pa ola lolakwika, iye kulibe woti adziyankhire.

Tinaona tchati cha mnzangayo, ndipo pocheza zinadziwika kuti chomuvuta ndi chakuti mwamunayo sakutchula za chinkhoswe. Anakamufunsa yekha, akambirana. Za tchati mwamunayo anakana, akuti chipembedzo chake sichilola, ndipo ine ndalemekeza zimenezo.

Wina akakupemphani zotere, yambani mwamufunsa kumene watenga tsiku ndi nthawiyo, komanso ngati angathe kumuuza mwiniwake.