Za chithunzi cha bolodi la msonkhano: mmene zathera

"Ndajambula bolodi msonkhano wa komiti ya sukulu utatha, koma zina sizikuwerengeka. Nditulutsamo bwanji zochita, eni ake ndi masiku?" Ndinafunsa choncho sabata yatha.

Zikomo nonse munandiyankha. Ndinayamba ndi kukopera mizere yonse 9 mmene ilili, osakonzamo kanthu. Kenako ndinasankha yokhala ndi ntchito, ndipo inatsala 5. Ina inali madandaulo chabe.

Mzere wakuti "malata, msungichuma, Lachisanu" ndinaulemba kuti: msungichuma afunse mtengo wa malata m'masitolo atatu pofika Lachisanu pa 14. Detilo ndinaliwonjezera ndekha, chifukwa "Lachisanu" lokhalo aliyense amalimva mwakemwake.

Povuta panali pakona yakumanja, pomwe dzuwa la pawindo linawala pabolodi, inki yofiira n'kuzimirira. Nambala ya matumba a simenti imaoneka ngati 15, komanso ngati 75. Sindinalote ayi, imeneyo ndi ndalama ya makolo. Ndinalemba kuti "sizikuwerengeka", ndinadula kachigawoko pachithunzi n'kutumizira alembi athu, amene anagwira cholembera tsikulo. Anayankha kuti ndi 15.

Ntchito yokonza mjigo inalibe mwini, muvi wake unangoloza pakati pa mayina awiri. Ndalembapo "mwini sanadziwike", ndipo apampando agamula mawa.