Zilembo za pa monita zimabwerera ku 100% ndikangoyatsanso kompyuta: kodi uthenga wanga kwa a zamakompyuta wakwana?

Amayi a ku Kabwata: Abale, ndikupempha thandizo kwa odziwa. Ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina kufupi ndi msewu wa Cairo, ndipo maso anga salimbanso kuwerenga manambala ang'onoang'ono tsiku lonse. Ndinalembera kale a zamakompyuta a pa kampani pathu kuti "monita ikuvuta", koma mnyamata amene anabwera anangokweza kukula kwa zilembo, n'kutseka dandaulo langa, ndipo mmawa mwake zonse zinali zitabwerera pakale. Ulendo uno ndikufuna kulemba momveka, ndipo ndalemba motere:

"Ndikugwiritsa ntchito laputopu ya kampani yokhala ndi Windows 11, yolumikizidwa ku monita ya mainchi 24 kudzera pa kabokosi ka zingwe kamene kamalowa pa USB-C, ndipo kuchokera pa kabokosiko kupita ku monita pali chingwe cha HDMI. Pa Settings > System > Display ndimasankha monita yaikulu n'kuika Scale pa 125%, ndipo imakhala choncho tsiku lonse. Ndikapanga Restart imabwerera pa 100%. Izi zachitika tsiku lililonse kwa milungu iwiri, ndipo zikundipweteketsa mutu chifukwa ndimawerenga manambala kwa maola ambiri."

Kodi pali chimene ndasiya chimene chingawathandize kuti asangobwera kudzakwezanso zilembo n'kumapita?

Achimwene a ku Chelstone: Amayi, musavutike ndi kulemba makalata. Gwirani Ctrl n'kudina chizindikiro cha + ndipo zilembo zikula pomwepo. Ine ndimachita zimenezi tsiku lililonse.

Amayi a ku Kabwata: Zikomo achimwene, koma zimenezo zimakuza tsamba la pa intaneti lokha. Pulogalamu yathu ya maakaunti, mayina a mafayilo ndi mabatani onse zimatsalabe zing'onozing'ono.

Abambo a ku Woodlands: Amayi, uthenga wanu ndi wabwino kuposa ambiri amene ndimalandira, popeza ntchito yanga ndi yomweyi yoyankha madandaulo a makompyuta. Komabe mawu akuti "ndikapanga Restart" akubisa zinthu zitatu zosiyana, ndipo mukaziyesa padera mudzakhala mwawagwirira theka la ntchito. Ikani 125%, kenako pangani Sign out n'kulowanso osazimitsa kompyuta. Ikabwerera pa 100% pamenepo, ndiye kuti pali chimene chikuchitika pa nthawi yolowa, mwina lamulo la kampani limene limalemba zosankha zake pamwamba pa zanu, kapena akaunti yanu sikusunga zimene mwasintha. Ikakhalabe pa 125%, yesani Shut down n'kuyatsanso, kenako yesani Restart. Ziwirizi si zofanana, chifukwa ngati Fast Startup ili yoyatsa, Shut down imasunga mbali ina ya Windows pa disiki n'kudzaidzutsa momwe inalili, pamene Restart imayambitsa mwatsopano madalaiva onse, timapulogalamu timene timayendetsa zipangizo za kompyuta.

Funso lina lofunika kwambiri ndi lakuti, kodi sikirini ya laputopu nayonso imasintha? Windows imasunga Scale ya monita iliyonse payokha, ndipo imazindikira monita kudzera mu uthenga umene monitayo imatumiza pa chingwe wonena dzina lake, nambala yake ndi kukula kwake. Uthengawo ukachedwa kapena ukasokonezeka pa kabokosi ka zingwe pamene kompyuta ikudzuka, Windows ikhoza kuiona ngati monita yachilendo n'kuipatsa kukula kumene kwalembedwa Recommended, kumene pa monita ya mainchi 24 ya 1920 x 1080 kumakhala 100%. Zikatero 125% yanu sinafufutidwe, yangotsala pa dzina la monita imene Windows ikuganiza kuti kulibe.

Achemwali a ku Matero: Zanga zinali ngati zomwezi chaka chatha, malaiti atathima kompyuta ili mkati mwa ntchito. Chithunzi cha kumbuyo chinkachoka, zilembo zinkabwerera, ngakhale mafayilo amene ndaika pa sikirini ankasowa mmawa uliwonse. Anapeza kuti ndinkalowa pa akaunti yongoyembekezera, ndipo foda yanga inali `C:\Users\TEMP`. Ndikukhulupirira kuti vuto lanu ndi lomwelo, amayi.

Amayi a ku Kabwata: Ayi achemwali, chithunzi changa cha kumbuyo chilipo ndipo mafayilo sasowa. Abambo a ku Woodlands, ndayesa pa nthawi ya nkhomaliro. Sign out sinasinthe kanthu, ndipo Shut down nayonso yasunga 125%. Restart yokha ndi imene yabweza 100%, ndipo ndayesa katatu. Sikirini ya laputopu yakhala pa 150% nthawi zonsezi.

Achimwene a ku Kamwala: Njira yachidule ilipo. Pitani pa Custom scaling, lembani 125, tulukani n'kulowanso, ndipo imeneyo sichoka ngakhale mupange Restart kangati. Ikakanika, tsitsani Display resolution kuti zonse zioneke zazikulu.

Abambo a ku Woodlands: Achimwene, n'zoona kuti Custom scaling kawirikawiri imakhazikika, chifukwa sidalira dzina la monita, koma pa chifukwa chomwecho imagwira masikirini onse pamodzi. Laputopu ya amayiwa idzatsika kuchoka pa 150% kufika pa 125%, ndipo akapita nayo ku msonkhano zilembo zidzakhala zazing'ono kuposa poyamba. Kutsitsa Display resolution sindikuvomereza konse, chifukwa manambala adzaoneka ngati ali mu nkhungu, ndipo maso adzatopa kwambiri.

Amayi, zimene mwapezazi zikuloza ku kabokosi, chingwe kapena dalaiva, ndipo zikuchepetsa kukayikira kwa lamulo la kampani. Mayeso awiri atsala. Chotsani chingwe cha HDMI pa kabokosi n'kuchilowetsa pa laputopu penipeni, ikaninso 125%, kenako pangani Restart kangapo. Komanso tsegulani Command Prompt mulembe izi, zimene zimangowerenga popanda kusintha kanthu:

```
reg query "HKCU\Control Panel\Desktop\PerMonitorSettings" /s
```

Mudzaona mayina a mamonita, ndipo pansi pa lililonse pali `DpiValue`. Nambala 0 ikutanthauza Recommended, ndipo 1 ikutanthauza sitepe imodzi pamwamba pake, imene kwa inu ndi 125%. Mukaona mayina ambiri kuposa mamonita amene munagwiritsapo ntchito, jambulani muphatikize ku uthenga wanu. Kompyuta ikakana lamulo limeneli chifukwa kampani inatseka, musakakamize, ingowapemphani kuti aone okha. Lembaninso `winver` kuti muwauze mtundu weniweni wa Windows, ndipo mufunse ngati panali zatsopano zimene zinaikidwa milungu iwiri yapitayo.

Amayi a ku Kabwata: Lamulo loyamba lija lakanidwa, koma `winver` yatheka. Nditalumikiza monita pa laputopu penipeni, 125% yakhalabe pambuyo pa Restart kawiri. Ndawonjezera izi mu uthenga: "Vutoli limachitika pa monita yaikulu yokha, ndipo limabwera ndi Restart, osati Sign out kapena Shut down. Silichitika monita ikalumikizidwa pa laputopu popanda kabokosi. Ndikupempha kuti muone kabokosiko ndi madalaiva ake, ndiponso kuti musatseke dandauloli tisanapange Restart tili limodzi."

Achimwene a ku Kamwala: Ndiye kuti kabokosi kafa, awapatse kena basi.

Abambo a ku Woodlands: Sitinafike ponena choncho, achimwene, chifukwa kuyesa kawiri kokha n'kochepa, ndipo kabokosi kabwinobwino kakhoza kuchita zomwezi ngati pulogalamu ya mkati mwake ndi yakale. Amayi, musanatumize, bwerekani kabokosi ka mtundu womwewo kwa mnzanu wa mu ofesi, mugwiritse ntchito chingwe chanu chomwecho, ndipo mulembe zimene zichitike pamodzi ndi nambala ya mtundu imene ili pansi pa kabokosi kanu.

Amayi a ku Kabwata: Mnzanga amene ali ndi kabokosi kofanana ndi kanga ali ku Ndola mpaka Lachinayi. Nditumiza uthengawu lero mmene ulili, ndipo ndidzawonjezera zotsatira za mayeso amenewo akadzabwera.