Ndithandizeni kukonza imelo yopita kwa abwana aakulu

Akuluakulu, ndimayang'anira nyumba yosungira katundu pa kampani ina. Denga likudontha, madzi akugwera pa matumba a simenti, ndipo 40 alimba kale ngati miyala. Ndinauza woyang'anira wanga kawiri koma palibe chachitika, ndiye wandilola kulembera abwana aakulu.

Usiku ndili wokwiya ndinalemba chonchi: "Denga silinakonzedwe mpaka pano. Ndanena kawiri. Katundu akaonongeka musadzandifunse." Mwamwayi sindinatumize.

Mmawa ndasintha: "Bwana, ndikupempha chilolezo chanu choti denga likonzedwe pofika Lachisanu. Matumba 40 a simenti aonongeka kale, ndipo ena 200 ali pa chiopsezo mvula ikagwanso."

Apa ndi pomwe mutu waima. Mawu oti "ndanena kawiri" ndiwasiye? Ndikawachotsa zioneka ngati ndinangokhala chete, koma ndikawasiya ndikuopa kuti ndioneka ngati ndikuneneza woyang'anira wanga, munthu amene timagwirizana. Nanga kutchula Lachisanu, kwa munthu wamkulu chotere, si kulamula? Mnzanga akuti ndiyambe ndi "pepani kukusokonezani", koma ine ndikuona kuti kupepesa kuchepetsa nkhani yomwe ikundisowetsa tulo.

Inu mukanalemba bwanji ziganizo ziwirizo?