"Lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza": kodi chilema ndi munthuyo kapena vuto lake?

Nachisale

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndine mlembi wa kagulu kena kothandizana, ndipo ndikulemba lipoti loti likawerengedwe pagulu, anthu amene tinawathandizawo ali pomwepo. Apampando akufuna liyambe ndi mwambi wakuti "Lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza." Kodi lungalunga n'chiyani kwenikweni? Nanga chilema m'mwambimu ndi munthuyo kapena ndi vuto limene ali nalo?

Ndafunsa chifukwa chiganizo chotsatira chimene andipatsa ndi ichi: "Chaka chino tathandiza zilema zitatu, nkhalamba zisanu ndi amphawi ambiri, kuphatikizapo mayi wina wonenepa amene sakutha kuyenda." Mtima wanga sukulola kuti ndikaime n'kuwerenga mawu amenewa eni ake akundiyang'ana. Ndiikepo mawu ati?

Mphunzitsi wopuma

A Nachisale, mwachita bwino kufunsa musanawerenge. Lungalunga ndi munthu wathunthu, amene ziwalo zake zonse zilipo ndipo zikugwira ntchito. Mwambiwu ukunena kuti uthunthu umenewo ndi wa tsiku lobadwa chabe. M'kati mwa moyo mungagwe ngozi, matenda kapena ukalamba, thupi n'kusintha. Makolo ankaunena podzudzula mwana amene akuseka mnzake wotsimphina.

Tsono yang'anitsitsani mneni. Akuti chilema "chichita kudza". Chimene chimadza ndi chinthu chogwera munthu, si munthuyo ayi. Ndi chilema chomwecho chimene timachimva pa Eksodo 12:5, pamene akunena za mwanawankhosa wopanda chilema, kutanthauza wopanda banga kapena cholakwika pathupi. Choncho m'mwambimu mawuwa ali pamalo pake. Pamene pakhota ndi pa chiganizo cha apampando anu, chifukwa dzina la vutolo alitenga n'kuliveka munthu.

Kuti muone kuipa kwake, pitirizani chiganizocho. Mukayamba ndi "zilema zitatu", chinenero chikukakamizani kunena kuti "zabwera, zakhala pansi, zalandira". Mwawalowetsa m'gulu la zinthu monga zitseko ndi zikho. Nkhalamba nayo imakoka "yafika, yadwala, yathu ija", ngati mbuzi. Koma mukati "anthu atatu aulumali" kapena "agogo asanu", mneni amabwerera kwa anthu: abwera, akhala pansi, alandira. Ine ndikafuna kuyesa mawu ndimangowaika patsogolo pa mneni n'kumva chimene akukoka.

Kamwendo_J

Ine ndimamva mosiyana. Lungalunga sizikuchokera ku kulungama? Ndiye kuti mwana amabadwa wolungama, wopanda tchimo, makhalidwe oipa amachita kuphunzira akakula. Agogo anga ankaunena mwambiwu mwana wofatsa akayamba kuba. Sindikuona kuti ukukhudza olumala.

Mphunzitsi wopuma

Achimwene, agogo anu sanalakwe kuugwiritsa ntchito choncho. Mwambi umatambasuka, ndipo khalidwe loipa nalo timalitcha chilema, monga tikati munthu uyu ali ndi chilema cha bodza. Koma tanthauzo loyamba ndi la thupi. Mpaka lero mukamva "munthu walungalunga" palibe amene amaganiza za chilungamo chake. Ndipo tanthauzo lachiwirilo ndi chifukwa chinanso chosatchulira munthu kuti chilema, poti mawuwa amanyamula fungo la cholakwika.

Phiri wandodo

Ndilankhulepo monga mwini nkhani. Ndinadwala poliyo ndili wamng'ono, ndimayenda ndi ndodo ziwiri, ndipo malipoti ngati amenewa ndawamva ndili pampando wakutsogolo.

Mawu akuti wolumala ine sandipweteka. Ndi zoona, ndinalumala mwendo. Akuti waulumali ndimawakonda koposa chifukwa amaonetsa kuti ulumali ndi chinthu chimene ndili nacho, si dzina langa. Wopunduka ndi wopuwala, awo asiyeni, amamveka ngati munthu watheratu. Koma amene amandiwawa kwambiri si mawu okhadzula. Ndi mawu achifundo. Munthu akalemba kuti "abale athu ovutikawa" kapena "odwala athu", amaganiza kuti wandilemekeza. Ine sindikudwala. Poliyo inapita kalekale, chatsala ndi mwendo wofooka. Ndipo ndimagwira ntchito, ana anga ali pasukulu. Kundiika pa ovutika popanda kundifunsa ndi kundiweruza ndi maso.

Winanso ndi "ngakhale". Mumva akuti "ngakhale ndi wolumala, ndi wanzeru." Ndiye kuti mumayembekeza kuti nzeru zinali m'mwendo?

Pa mwambiwo, aphunzitsi mundikhululukire, ine sindiukonda. Ndikudziwa kuti cholinga chake n'chabwino. Koma umaletsa kuseka pochititsa mantha, kuti usamuseke chifukwa mawa zingakugwere. Ine ndimakhala ngati chiopsezo choloza nacho ana. Komanso pali anzathu amene anabadwa osaona kapena osamva, ena achialubino. Kwa iwo lungalunga wa pobadwayo ali kuti? Mwambiwu wawasiya kunja. Ndiponso mukatcha enawo kuti alungalunga kapena abwinobwino, ife mwatitcha chiyani? Ingonenani kuti anthu opanda ulumali.

Nachisale

A Phiri, zikomo kwambiri. Za "ovutika" zandikhudza, chifukwa ndi mawu amene ndimafuna kuika m'malo mwa "amphawi".

Mkonzi wa nkhani

Ndagwira ntchito yokonza zolemba za ena kwa nthawi yaitali, ndiye ndiwonjezepo pang'ono. Choyamba, muyeso wa aphunzitsi ndi wothandiza koma sugwira paliponse. Timati "mfumu yabwera", "nduna yalankhula", ndipo palibe amene wanyozeka. Chiphadzuwa ndi "chi-" koma mtsikana akachimva amamwetulira. Choncho gulu la dzina lokha silikwanira. Chimene chimapweteka ndi pamene dzinalo latenga mbali imodzi ya munthu imene iye sanaisankhe n'kuisandutsa munthu yense. Gonthi, bububu, napweri, onsewa amachita zomwezo.

Chachiwiri, mawu aulemu nawo ali ndi misampha yake. "Wosamva" ndi chitsanzo chachikulu. Mukalemba kuti "tathandiza ana osamva anayi", owerenga ambiri amva kuti ndi ana amwano. N'chifukwa chake ambiri timalemba "ana amene ali ndi vuto la kumva". Ndi mawu aatali koma sasokoneza. Komanso musamangophatikiza kuti "osamva ndi osalankhula" ngati kuti n'chimodzi. Ambiri amalankhula ndithu, ndi chinenero chamanja, ndipo ena amalankhula ndi pakamwa. "Wosaona" alibe vuto limenelo, ndipo ndi wabwino kuposa "wakhungu". Pa achialubino timalemba "munthu wa khungu lachialubino" kapena "munthu wachialubino".

Ngakhale boma linasintha kalankhulidwe. Bungwe loona za anthu aulumali la MACOHA linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1971, ndipo lamulo latsopano la 2024 litabwera dzina linasintha kukhala MACODA, kuchotsa mawu akale achingerezi akuti "handicapped" amene eni ake sankawafuna.

Pa okalamba, "wachikulire" ndiye mawu otetezeka polemba. "Okalamba" si chipongwe mukamanena za gulu, monga "ufulu wa anthu okalamba", koma kuloza munthu mmodzi n'kuti "wokalambayu" kumauma. "Nkhalamba" ndimaichotsa nthawi zonse, makamaka chifukwa ndi mawu amene amamveka pakamwa pa anthu akamanamizira achikulire ufiti. "Amvulazakale" ndi okoma poyamikira, koma mulipoti angamveke ngati ndakatulo.

NaBanda wa ku msika

Koma inu mukuchulutsa. Agogo ndi agogo basi, vuto lili pati? Ndipo kunenepa si chipongwe. Ine munthu akandiuza kuti mwanenepa ndimathokoza, ndiye kuti ndikudya bwino. Ngati mukuopa, lembani kuti mayi wathanzi.

Mkonzi wa nkhani

Amayi, pa agogo ndikugwirizana nanu pang'ono. Pamaso ndi mawu achikondi. Koma alipo achikulire amene sanabereke kapena ana awo anamwalira, ndipo alipo amene sadziona kuti afika pa ugogo. Polemba ndi bwino kuti "mayi wachikulire", kapena dzina lawo ngati alola.

Pa "wathanzi" ndiye ayi. Mayi amene akunenedwa m'lipotimu sakutha kuyenda, ndiye kuwatcha athanzi ndi bodza, ndipo omvera aziona ngati mukuwaseka. Moni wa "mwanenepa" pakati pa anthu odziwana ndi wina, kulemba papepala loti liwerengedwe pagulu ndi kwina. Alipo mawu ofewa monga "wathupi" kapena "wojintcha", ndipo m'nkhani zaumoyo timalemba "kunenepa mopitirira muyeso" monga dzina la vuto, osati la munthu. Koma funso loyamba ndi lakuti, kunenepako kukufunika m'chiganizomo? Munawathandiza chifukwa sakutha kuyenda. Thupi lawo lisiyeni.

A Nachisale, ine ndikanalemba motere: "Chaka chino tathandiza anthu atatu aulumali, achikulire asanu ndi mabanja ena amene anasowa chakudya, kuphatikizapo mayi wina amene akuvutika kuyenda."

Onani kuti pa "amphawi" sindinafune mawu ena olowa m'malo. Ndangonena chimene chinasowa. "Osauka", "osowa", "ochepekedwa", "opeza movutikira", onsewa ndi ofewa kuposa "amphawi", ndipo "ovutikitsitsa" mumawamva kawirikawiri m'nkhani za thandizo la boma. Koma onse amamatira pamunthu ngati kuti ndi mmene alili mpaka kale. Mukati "anasowa chakudya" mwanena za nyengo imene inawagwera. Ngati inali fizi ya sukulu kapena denga, lembani chimenecho.

Phiri wandodo

Chiganizo cha akonzi ndachilandira. Ndingowonjeza kuti ngati atatuwo munawathandiza ndi ndodo kapena njinga, ulumali utchulidwe, chifukwa ndiye nkhani yake. Koma ngati munawapatsa ufa womwewo umene ena analandira, bwanji osangowawerengera pamodzi ndi mabanja enawo? Ndiponso pagulu laling'ono, "mayi wina amene akuvutika kuyenda" aliyense adziwa kuti ndi ndani. Kawafunseni kaye ngati akufuna kutchulidwa.

Mphunzitsi wopuma

A Phiri, za obadwa ndi ulumali mwanena zoona, mwambiwu suwafikira. Komabe ine sindingautaye. Unateteza ana ambiri ku chipongwe pamene panalibe lamulo lililonse lowateteza, ndipo m'kalasi ndinkaona ukugwira ntchito. Mwina malo ake ndi pophunzitsa ana, osati pamwambo umene eni ake akhala kutsogolo.

Kamwendo_J

Nanga "wamisala" ndi "wakhunyu"? Pamenepa palinso mawu ena?

Mkonzi wa nkhani

"Munthu amene ali ndi matenda akugwa" kapena "amene amadwala khunyu" amamveka bwino. Pa misala olemba sitinagwirizanebe. Ena amalemba "matenda a muubongo", ena "matenda amaganizo", ndipo loyambalo limasokonezeka ndi matenda ena monga chotupa cha muubongo. Ine ndimatsamira kwa lachiwirilo.

Nachisale

Atatuwo awiri analandira ndodo, mmodzi ufa. Ndiye ndilemba "anthu awiri aulumali amene analandira ndodo", winayo ndimuwerengera pa mabanja. Mayi aja ndikawafunsa mawa. Za mwambi ndikawaonetsa apampando zimene a Phiri alemba, koma ndikudziwa kuti amaukonda kwambiri. Ngati alipo wodziwa mwambi wina wonena za kuthandizana umene sutchula chilema, aulembe pano lisanafike Loweruka.