CPC yakwera kawiri mwadzidzidzi, ndiyambire pati kuyang'ana?

Tadala: Akuluakulu ndithandizeni. Ndimayendetsa malonda a pa Facebook a loji ina ku Senga Bay, bajeti ndi yomweyo $30 pa sabata koma CPC, mtengo wa kiliki imodzi, yachoka pa $0.06 kufika pa $0.12, makiliki anali 500 pano ndi 250 basi. Chithunzi sindinasinthe, mawu sindinasinthe. Abwana akufuna yankho mawa, ndiyambire pati?

Che Yusufu: Imeneyo ndi kwacha mwana wanga. Ife mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44% zonse zinangokwera usiku umodzi, malonda a sitolo yanga ya zitsulo ku Nkhotakota ndinaimitsa kaye.

Mayi Gondwe: Che Yusufu, zimenezo zikanakhala zoona Tadala akanawerengera m'makwacha, koma manambala akewo ali m'madola. Kwacha ikagwa chimakwera ndi ndalama yomwe banki ikudulani pa khadi, nambala ya mu Ads Manager siigwedezeka ayi ngati akaunti ndi ya dola. Tadala, funso loyamba, ukuyang'ana danga lomwelo masabata onse awiri? Pali CPC (all) ndi CPC (cost per link click). Yoyambayo imawerenga chilichonse chomwe munthu wadina, kukulitsa chithunzi, kudina dzina la peji, nde imaoneka yotchipa nthawi zonse. Anthu ambiri amachita mantha chonsecho angosintha madanga.

Tadala: Ndaonanso mayi, konseko ndi CPC (cost per link click), ndipo masiku ndi Lolemba mpaka Lamulungu mbali zonse.

Mayi Gondwe: Chabwino, nde kukwerako ndi kwenikweni. Tsopano usaiyang'anenso CPC yo, payokha siikuuza kanthu chifukwa imabadwa kuchokera ku manambala awiri. Facebook imakudula ndalama poonetsa malonda ako, mtengo woonetsa ka 1,000 ndiye CPM, kenako mwa anthu aonawo ena amadina, ndiye CTR. Kiliki ikadula ndiye kuti mwina kuonetsa kwadula, kapena anthu asiya kudina, kapena zonse pamodzi, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Pita pa Columns usankhe Performance and clicks, utitumizire Impressions, CPM, CTR (link click-through rate), Reach ndi Frequency za masabata onse awiri. Mu fomula iyi CTR uilembe ngati desimali, 2% ndi 0.02.

```
CPC = CPM / (1000 x CTR)
```

Tadala: Sabata yakale Impressions 25,000, CPM $1.20, CTR 2%, Reach 12,500, Frequency 2. Sabata ino Impressions 20,000, CPM $1.50, CTR 1.25%, Reach 5,000, Frequency 4.

Bright: Aaa nde zaoneka kale, CPM yakwera, ndi nyengo imeneyi aise. Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala Lilongwe yonse imakhamukira kunyanja, loji iliyonse kuyambira Senga Bay mpaka Nkhotakota ikulimbirana anthu omwewo, mtengo umakwera basi palibe chochita, ingodikira ipite.

Mayi Gondwe: Bright wakhudza pang'ono koma tawerengani bwino. CPM kuchoka pa 1.20 kufika pa 1.50 ndi kukwera kwa kota chabe. CTR ikanakhala pa 2% pomwepo, pa Impressions 20,000 akanapeza makiliki 400, CPC ikanakhala $0.075, osati $0.12. Makiliki ena 150 asowa chifukwa anthu sakudina, nde gawo lalikulu la vuto lili pa CTR. Mpikisano mwina ulipo koma sungafotokoze zonse.

Ine chomwe chandiimitsa ndi Reach. Ndalama yomweyo koma anthu ofikiridwa atsika kuchoka pa 12,500 kufika pa 5,000, ndipo aliyense waona chithunzi chomwecho kanayi pa sabata imodzi. Chithunzi chikamangotopetsa anthu pachokha, CTR imatsika pang'onopang'ono, sabata ino pang'ono, yamawa pang'ono. Ikagwa ngati yaponyedwa pansi chonchi kawirikawiri pali munthu wagwira china chake. Tadala, akauntiyi umalowa wekha?

Tadala: Ine ndi abwana eni loji, koma iwo amangoyang'ana, sakhudza.

Mayi Gondwe: Onse amatero kkkk. Dina kampeniyo utsegule mbiri ya zosintha, kali ngati kawotchi kumanja, ikuonetsa amene wasintha, chomwe wasintha ndi tsiku lake. Ufananitse tsikulo ndi tsiku lomwe CPC inayamba kukwera, pa Breakdown sankha By time kenako Day.

Esnart: Pepani kulowerera, ine ndimagulitsa mpunga wa kilombero ndi usipa pa WhatsApp, nanenso bandulo ikumatha msanga masiku ano ndikangodina mavidiyo awiri atatu, kodi ndi zomwezi mukukambazi?

Bright: Ayi achemwali imeneyo ndi data ya foni yanu, apa tikunena ndalama yomwe wotsatsa amalipira munthu akadina malonda ake.

Tadala: Mayi mwalasa. Lamulungu usiku abwana analowa, anachotsa Blantyre ndi Mzuzu nkusiya Lilongwe yokha, zaka anaika 35 mpaka 50, anaonjezanso zoti akhale okonda maulendo apamwamba. Ndawaimbira akuti a ku Blantyre amapita ku Mangochi sabwera kuno nde ankaona ngati ndalama ikungotayika. Lolemba lomwelo CPC inalumpha.

Mayi Gondwe: Ndi zimenezo. Gulu lachepa, Facebook ikuyenera kumaliza $30 yomweyo nde ikungobwereza pa anthu omwewo, ndipo gulu laling'ono limadulanso kulifikira, nchifukwa chake CPM nayo yasuntha. Komanso kusintha gulu kumabwezera malonda pa Learning, masiku oyamba mitengo imadumphadumpha. Koma usathamangire kukawadzudzula abwanawo, funso lina nali: mameseji ofunsa zipinda atsika kapena ayi? Maganizo awo si opusa, makiliki 250 a anthu a ku Lilongwe amene atha kukwera galimoto Loweruka m'mawa nkudya chambo masana ku Senga Bay atha kuposa makiliki 500 a anthu ongosirira nyanja.

Tadala: Mameseji amalandira ndi mtsikana wa pa risepushoni pa foni ya loji, sitilemba kuti wachokera kuti. Akuti akubwera ngati kale koma ndi zongoganizira.

Che Yusufu: Nde bwanji osangoonjezera bajeti makiliki abwerere pa 500?

Mayi Gondwe: Ayi Che Yusufu, pa gulu lomweli mukaika $60 Frequency ikwera kuposa apa, mukhala mukulipira kuti muwatopetse anthu omwewo. Tadala sintha chinthu chimodzi chokha, gulu basi. Ine ndikanasiya Lilongwe yokha monga akufunira abwana, nkubwezera zaka 25 mpaka 55 ndi kuchotsa za maulendo apamwambazo, chithunzi osachikhudza kaye, kenako kudikira sabata yathunthu. Ukasintha gulu, chithunzi ndi bajeti tsiku limodzi sudzadziwa chomwe chathandiza. Ndipo mtsikana wa pa risepushoniyo mupatseni kope azilemba aliyense wofunsa kuti wationa kuti.

Bright: Ine ndikadali pa mfundo yanga, ngakhale abwezere zonse CPM siitsikira pa 1.20 tchuthi chisanadutse. Kwanga pa Google zinandichitikira popanda wina kukhudza, Change history inali yoyera, koma pa Auction insights munali mutalowa maloji awiri atsopano.

Mayi Gondwe: Zitha kutero, tiona. Reach ikabwerera, CTR nkukwera koma CPM nkukhalabe pa 1.50, ndiye kuti gawo limenelo ndi lako Bright.

Tadala: Ndabwezera zaka, Blantyre abwana akanitsitsa. Manambala ndiponya Lolemba.